Mbalame ya mawanga pachithunzi: kusiyanitsa mwana wa mbalame ndi mtundu wachilendo

Chaka chilichonse mvula ikakhazikika kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, anthu amene amakonda kujambula mbalame amayamba kutumizirana zithunzi za mbalame ya mawanga thupi lonse, yojambulidwa pansi pa mtengo wa mapeyala, m'mphepete mwa munda wa tiyi kapena m'njira yokwera phiri. Wojambulayo amakhala atatsegula buku lake tsamba ndi tsamba osaipeza, ndipo pamapeto pake amasankha mbalame iliyonse ya mawanga imene ili m'bukumo, imene kawirikawiri imakhala yosowa kwambiri. Zambiri mwa zithunzi zimenezi zimakhala za ana a mbalame zimene timaziona tsiku ndi tsiku pakhomo. Vutoli limachuluka kuyambira Novembala mpaka Malichi, chifukwa mbalame zambiri zodya tizilombo zimaswa nthawi ya dzinja, chakudya chikachuluka. Ndilemba mayina a mbalame monga alili m'mabuku amene timagwiritsa ntchito, kuti aliyense athe kukayang'ana yekha.

Gwero la vutoli ndi lakuti diso la munthu limathamangira chinthu chimene chikuonekera kwambiri pachithunzi, ndipo pa mwana wa mbalame chinthu chimenecho ndi mawanga. Koma mawangawo sanena kanthu za mtundu wa mbalameyo. Ana a mbalame zodyera pansi, za m'magulu amene mabuku amawatcha Thrush, Robin ndi Robin-Chat, pafupifupi onse amatuluka m'chisa ali ndi mawanga, ngakhale makolo awo alibe banga ndi limodzi lomwe. Amachoka m'chisa atatha pafupifupi masabata awiri chiswedwere, asanadziwe kuuluka bwino, ndipo amakhala masiku angapo akubisala pansi, pa masamba ouma pamene dzuwa limalowa modukizadukiza. Mawanga amawabisa kwa mphamba ndi adani ena pa nthawi imeneyi. Amene anawetapo nkhanga amadziwa kuti ana ake amaswedwa ali ndi mizere m'mutu ndi pamsana, opanda madontho oyera a amayi awo, koma palibe amene amawatcha mbalame ina chifukwa amawaona akutsatira make. Chithunzi chimachotsa make, n'kutisiyira mwanayo ali yekha.

Yambani ndi msinkhu, mtundu ubwere pambuyo

Musanatsegule buku, kulitsani chithunzi pamutu pa mbalameyo ndipo muyang'ane pangodya ya kamwa, pamene mlomo wam'mwamba ndi wam'munsi zimakumana pansi pa diso. Mwana amene wangochoka m'chisa amakhala ndi kamnofu kofewa, kotupa pang'ono, koyera kapena kachikasu pamalo amenewa, kamene kamachititsa kamwa kuoneka ngati kakupindikira pansi. Kamnofu kameneka ndi kamene kamatsogolera kholo poika chakudya m'kamwa, ndipo kamaphwa pang'onopang'ono mwana akayamba kudzidyera yekha. Mukakaona, dziwani kuti mbalameyo ndi mwana, ndipo zithunzi za mbalame zazikulu zimene zili m'buku sizingakuthandizeni pa maonekedwe a thupi.

Kamnofuko kakakhala kuti sikakuoneka, yang'anani nthenga zenizenizo. Nthenga zoyamba za mwana zimakhala zofewa ndi zosagwirana bwino, makamaka pamimba ndi pansi pa mchira, kotero kuti mbalameyo imaoneka yanyankhalala pamene yaikulu ikanaoneka yosalala. Nthawi zina pamutu pamatsalira tiubweya tiwiri kapena titatu. Mchira umakhala waufupi kuposa msinkhu wa thupi, nthenga zake zonse zikukula pamodzi mofanana, zimene zimasiyana ndi mbalame yaikulu imene ikusintha nthenga, popeza iyo imathothoka zina n'kutsala ndi zina zazitali. Ngati munaiona mbalameyo ndi maso, kumbukiraninso khalidwe lake: mwana amalola munthu kufika pafupi, amagwedeza mapiko mwachangu akuyasamula, ndipo amalira kaliridwe kamodzimodzi kosalekeza. Kunena zoona, kusathawa kumeneku ndiko kumachititsa kuti zithunzi za ana zichuluke chotere, chifukwa ndi iwo amene foni wamba imatha kuwajambula ali pafupi.

Mukatsimikiza kuti ndi mwana, siyani mawanga ndipo funafunani ziwalo zimene sizisintha. Patapita masabata angapo, kapena miyezi iwiri kapena itatu, mwana wa mbalame zazing'onozi amathothola nthenga za thupi n'kumera zofanana ndi za makolo, koma nthenga zazitali za mapiko ndi za mchira amazisunga mpaka chaka chotsatira. Pachifukwa chimenechi, mchira wa mwana umakhala kale ndi mitundu ya mchira wa makolo ake kuyambira tsiku limene watuluka m'chisa. Mwa zonse zimene ndalemba pano, ichi ndicho chimathetsa mikangano yambiri, ndipo n'zodandaulitsa kuti ojambula ambiri amalimbikira kuti apeze nkhope ndi chifuwa, mchira n'kubisika kuseri kwa nthambi.

Chithunzi cha pakapinga

Nachi chitsanzo cha mtundu umene umabwera chaka ndi chaka. Mnyamata wina amene amaperekeza alendo kuphiri anajambula mbalame m'mwezi wa Januwale, m'mawa, pakapinga wa nyumba ina ya m'munda wa tiyi, pafupi ndi mpanda wa maluwa. Mbalameyo inali yaikulu kuposa pumbwa pang'ono, ya msana wakhofi, ya madontho akuda pachifuwa, ndipo pamapiko pankaoneka timadontho towala tondandalikana. Iye anakondwa kwambiri poganiza kuti wapeza Spotted Ground Thrush, ndipo anali ndi chifukwa chokondwera, popeza mbalame imeneyi ilidi m'nkhalango zochepa za kuno kumwera ndipo ili pamndandanda wa mbalame zimene zili pangozi yotha padziko lonse.

Titakulitsa chithunzicho, choyamba kuoneka chinali kamnofu kachikasu pangodya ya kamwa, choncho funso linasintha kukhala lakuti mwanayu ndi wa mbalame iti. Tinayamba ndi nkhope. Spotted Ground Thrush ili ndi nkhope yoyererako yokhala ndi zigamba ziwiri zakuda zotsika pansi, china chodutsa pansi pa diso ndipo china chakumbuyo, chakukhutu, ndipo mwana wake amakhalanso nazo. Mbalame ya pachithunzi inalibe zigamba zimenezi. M'malo mwake inali ndi mzere wakuda wochokera patsinde pa mlomo kutsikira m'mbali mwa khosi, mbali iliyonse, pakati pake pali pakhosi poyera. Mzere umenewu ndi chizindikiro cha Kurrichane Thrush, mbalame ya mlomo wa mtundu wa lalanje imene imathamangathamanga pakapinga ikufuna nyongolotsi m'makomo ambiri a ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre.

Kenako tinayang'ana pamene madonthowo akhala. Pa Spotted Ground Thrush madontho ndi aakulu, akuda bii, olekana bwino, ndipo ali pa nthenga zoyera kuchokera pachifuwa mpaka pamimba ndi m'nthiti. Pa mwana wa Kurrichane Thrush madontho amathithikana pachifuwa, amachepa potsikira kumimba, ndipo pansi pake sipoyera kwenikweni koma pali mtundu wofiirira pang'ono umene umakula m'nthiti, pamene kholo lili ndi mtundu wa lalanje. Apa kamera inamunamiza mnyamatayo, chifukwa dzuwa la m'mawa linawomba pachifuwa ndipo foni inawalitsa malowo mpaka kufiirira kuja kunaoneka ngati kuyera. Mbali imene inali mumthunzi, pansi pa phiko, ndi imene inasunga mtundu weniweni. Mukamaweruza mtundu pachithunzi, khulupirirani mbali ya mumthunzi wopepuka kuposa mbali yowala.

Timadontho ta pamapiko ndi timene tinamusokoneza kwambiri, ndipo timasokoneza ngakhale anthu ozolowera. Spotted Ground Thrush ili ndi mizere iwiri ya madontho oyera pa phiko, aakulu, oonekera patali. Ana a mbalame zambiri za gululi alinso ndi timadontho kunsonga kwa nthenga zophimba phiko, koma tawo ndi tating'ono ndiponso tofiirira, ndipo tina timatsala ngakhale mawanga a pachifuwa atatha. Mlomo unatsiriza nkhaniyo: wa Spotted Ground Thrush ndi wakuda, pamene wa pachithunzi unali wachikasu chozilala, monga umakhalira wa mwana wa Kurrichane Thrush usanafike pa lalanje wowala wa makolo. Mnyamatayo atabwerera pamalopo tsiku lotsatira n'kukhala patali, anaona kholo la mlomo wa lalanje likubwera ndi nyongolotsi.

Za malo ndiyenera kunena mosamala. Spotted Ground Thrush imakhala mkati mwa nkhalango yowirira, pamthunzi, ikufukula masamba, ndipo kapinga wa pakhomo si kwawo. Komabe malo paokha sangagamule mlandu, chifukwa mbalame zimayenda, ndipo nkhalango zathu zachepa kwambiri moti mbalame ya m'nkhalango ingathe kupezeka m'kachigawo ka mitengo kamene katsala m'mbali mwa mtsinje. Ntchito ya malo ndi kukuuzani kuchuluka kwa umboni umene mukufunika. Mbalame ya mawanga pakapinga mu Januwale muiyese mwana wa mbalame wamba kufikira nkhope, mapiko ndi mlomo zitasonyeza zina.

Michira itatu ya m'nkhalango

Mkati mwa nkhalango, monga ku chigwa cha Ruo kapena m'zigawo za mitengo yachilengedwe zimene zatsala m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, ana a mawanga amakhala ang'onoang'ono kuposa amene tafotokozayu, ndipo kawirikawiri amajambulidwa pamene linthumbu likudutsa, chifukwa mbalame zambiri zimasonkhana pamenepo kudzagwira tizilombo tothawa. Aliyense amene wapita kumeneko amakhala akuyembekeza Thyolo Alethe, mbalame imene inatenga dzina la boma la Thyolo ndipo imapezeka kum'mwera kwa Malawi ndi m'mapiri ochepa a kumpoto kwa Mozambique basi. Chiyembekezo chimenechi chimachititsa kuti mwana aliyense wa mawanga amene ali pafupi ndi linthumbu atchedwe mwana wa Thyolo Alethe. Mchira umasiyanitsa mosavuta. Wa Thyolo Alethe ndi woderapo, wokhala ndi nsonga zoyera pa nthenga za m'mbali, ndipo ulibe lalanje kapena chikasu. Wa mbalame za gulu la Robin-Chat zimene timakumana nazo kawirikawiri ndi wa lalanje m'mbali zonse ziwiri, nthenga zapakati zokha ndizo zoderapo. Wa White-starred Robin ndi wachikasu m'mbali, wakuda pakati ndi kunsonga, kotero kuti ukatambasuka mbali yakudayo imaoneka ngati chilembo cha T chozondoka.

White-starred Robin ndi yofunika kuidziwa bwino, chifukwa imasokoneza anthu kawiri m'moyo wake. Yaikulu, imene imatalika pafupifupi masentimita 15, ili ndi mutu wotuwa mobiriwira ngati mtambo wa mvula, mimba yachikasu chowala, ndi kadontho koyera patsogolo pa diso lililonse ndi kena pakhosi. Mwana wongotuluka m'chisa ndi woderapo pamsana ndi mawanga achikasu, ndipo pamimba ndi wachikasu ndi mizere yakuda yokhotakhota ngati mamba. Akathothola nthenga zimenezi safanana msanga ndi makolo monga zimachitira zinzake. Amavala nthenga zachiwiri zobiriwira mozilala pamutu ndi pamsana, zachikasu chosawala pamimba, zopanda mutu wotuwa uja ndiponso zopanda madontho oyera, ndipo amakhala nazo kwa nthawi yaitali. M'miyezi yozizira, nthawi ya chiperoni, zambiri mwa mbalamezi zimatsika kuchokera kumtunda kwa phiri kudzakhala m'nkhalango za m'munsi, ndipo ndi pamenepo pamene anthu amajambula kambalame kobiriwira aka n'kukatcha Greenbul, mmodzi wa abale a pumbwa a m'nkhalango. Mchira wa Greenbul uli ndi mtundu umodzi kuyambira patsinde mpaka kunsonga, pamene wa kambalame aka uli ndi chikasu m'mbali ngakhale chitakhala chozilala. Kaimidwe kamathandizanso, popeza White-starred Robin ili ndi mutu wozungulira, diso lalikulu ndi miyendo yopyapyala, ndipo imaima njo pa kanthambi ka m'munsi, pamene Greenbul ndi yaitali thupi ndipo imayendayenda m'masamba.

Mchira uli ndi malire ake. Ukakhala wa lalanje, wakuuzani gulu koma sunakuuzeni mtundu, chifukwa kuno tili ndi White-browed Robin-Chat, Red-capped Robin-Chat ndi Cape Robin-Chat, ndipo ana a zonse zitatu ndi a mawanga ofiirira ndi michira yofanana. Apa malo amathandiza kwambiri. White-browed Robin-Chat ndi ya m'makomo, m'mipanda ndi m'zitsamba za m'mbali mwa mitsinje, Red-capped Robin-Chat imakonda mthunzi wa nkhalango ya m'munsi ndipo mapiko ake ndi otuwa mobiriwira ngakhale ili mwana, ndipo Cape Robin-Chat ndi ya kumtunda kozizira, m'mphepete mwa nkhalango za pamwamba pa phiri. Mwana amene wayamba kusintha nthenga amadziulula yekha, chifukwa pakati pa mawanga pamayamba kuoneka zigamba za mtundu wa makolo, monga chiyambi cha mzere woyera pamwamba pa diso. Ngati chithunzi chilibe chimodzi mwa zimenezi, yankho loona ndi lakuti uyu ndi mwana wa Robin-Chat, ndipo ndi bwino kulekera pomwepo.

Pamene wodyetsa si kholo

Njira yodalirika kuposa zonse ndi kudikira kuti kholo libwere ndi chakudya, koma pali mbalame zimene zimaswa lamulo limeneli. Red-chested Cuckoo, imene imalira mawu atatu otsika mobwerezabwereza usana ndi usiku mvula ikamayandikira, simanga chisa. Imaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, makamaka za gulu la Robin-Chat, ndipo mwana wake akaswedwa amagwetsa mazira kapena ana a mwini chisa n'kuleredwa yekha. Chithunzi chimene chimatuluka pamenepo chimasonyeza White-browed Robin-Chat ikudyetsa chimbalame chakuda chachikulu kuposa iyo, ndipo anthu ena amaganiza kuti ana a Robin-Chat amaoneka chotero, pamene ena amayesa kuti apeza mwana wa mphamba. Mwana wa Red-chested Cuckoo ndi wakuda mutu, khosi ndi msana, nthenga zake zili ndi timalire toyera, ndipo pamimba ali ndi mizere yopingasa yakuda ndi yoyera, wopanda chifuwa chofiira cha makolo ake. Mlomo wake sukhota monga umakhotera wa mphamba, miyendo ndi yaifupi yachikasu, ndipo zala ziwiri zimaloza kutsogolo, ziwiri kumbuyo. Mwana akakhala wamkulu kuposa womudyetsa, popeza Red-chested Cuckoo imafika pafupifupi masentimita 30 pamene White-browed Robin-Chat ndi ya masentimita 20, musadalire wodyetsayo pomutcha dzina.

Pojambula ndi polemba

Zambiri mwa zovutazi zimapeweka pa nthawi yojambula. Mukapeza mbalame ya mawanga, musakhutire ndi chithunzi chimodzi cha kutsogolo. Yesetsani kupeza china cha m'mbali chosonyeza phiko lonse ndi nkhope, ndi china cha kumbuyo kapena cha pansi chosonyeza mchira, ngakhale chitakhala chosakongola. Kanema wa masekondi khumi kapena makumi awiri amaposa zithunzi zambiri, chifukwa mbalame za magulu amenewa zimakonda kugwedeza ndi kutambasula mchira, ndipo mungathe kuimitsa kanemayo pamene mchira watambasuka. Pewani kukokera chithunzi pafupi kwambiri ndi zala pafoni, chifukwa foni imasalaza nthenga ndipo kamnofu ka pakamwa ndi timadontho ta pamapiko zimafufutika. Pansi pa mitengo yowirira kuwala kumadutsa m'masamba ndipo chilichonse chimaoneka chobiriwira, choncho lembani pomwepo mitundu imene maso anu aona, pamodzi ndi tsiku, malo, ndi ngati munali m'munsi kapena kumtunda kwa phiri. Kukula kwa mbalame sikuoneka pachithunzi, ndipo ndi bwino kukuyerekeza ndi mbalame yodziwika monga pumbwa kapena njiwa mudakali pomwepo.

Kenako bwererani m'mbuyo mamita khumi kapena kuposerapo, mukhale pansi, mudikire mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri. Kholo silibwera munthu ataima pafupi, ndipo nthawi yonse imene mwaima pamenepo mwanayo akukhala ndi njala. Musamugwire kapena kumutengera kunyumba poganiza kuti watayika, chifukwa mwana wa nthenga zonse amene ali pansi amakhala kuti wachoka m'chisa pa nthawi yake ndipo makolo ali pafupi. Ngati pali mphaka kapena galu, chotsani chiwetocho, ndipo musaloze pamene pali mwanayo ana a malegeni akuona.

Polemba zimene mwaona, makamaka pa eBird, tsamba la pa intaneti pamene zolemba zathu za mbalame zimasungidwa ndi kugwiritsidwa ntchito ndi ofufuza, lembani pamlingo umene umboni wanu wafika. Ngati mwadziwa gulu koma osati mtundu, pali mayina othera ndi sp., monga thrush sp., amene anaikidwa chifukwa cha zimenezi. Ngati mwatsimikiza mtundu ndipo mbalameyo ndi mwana wongochoka m'chisa, ikani chizindikiro cha FL, kapena FY ngati mwaona kholo likudyetsa, pamodzi ndi zithunzi zonse, kuphatikizapo chosakongola cha mchira chija. Kulemba molakwa Spotted Ground Thrush kapena Thyolo Alethe kuli ndi zotsatira zake, chifukwa nkhalango ya paphiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse, ndipo amene akuteteza zigawo zotsala amadalira zolemba zimenezi kuti adziwe kumene mbalamezi zidakalipo. Dontho lolakwika pamapu lingachititse kuti mbalame ioneke ngati ikupezeka m'makomo pamene kwenikweni yatsala m'zigwa zochepa. Ngati munalemba kale dzina limene tsopano mukulikayikira, tsegulani mndandandawo, musinthe dzinalo, ndipo m'mawu ofotokozera mulembe ziwalo zimene mwaona pa nkhope, pa phiko ndi pa mchira, kuti wowunika zolemba athe kutsatira mmene mwafikira pa dzina latsopanolo.